Piramidi ya besi ya sikweya: voliyumu ndi eliya yake yonse

"Akuluakulu ndithandizeni, ndili Fomu 4 kuno ku Mangochi. Piramidi ili ndi besi ya sikweya, mbali iliyonse 10 cm, ndipo ndi yotalika 12 cm. Voliyumu ndapeza 400 ndipo ndakhoza, koma eliya yonse ndikupeza 340 pomwe aphunzitsi akuti ndi 360. Ndikusochera pati?"

Achimwene, 340 yanuyo ndaiona komwe yachokera. Mwatenga 12 n'kumuika mu thirayango ya m'mbali: theka la 10 kuchulukitsa ndi 12 mwapeza 60, nkhope zinayi 240, kuphatikiza besi 100, basi 340. Njira yonse ili bwino, chalakwika ndi 12 yekhayo. Iyeyu sali pa nkhope ya piramidi ayi, ali m'kati mwake.

Piramidi ili ndi mizere itatu yosiyana yochokera pansonga kutsika pansi, ndipo ana asukulu ambiri onse atatuwo amangowatcha kutalika. Ganizirani denga la timakumbi ta mbali zinayi tomwe anthu amapumiramo m'mphepete mwa nyanja. Mzati woima pakatikati, kuchokera pa mulingo wa makoma kukafika pansonga, ndiwo h, 12 wanu uja. Mtengo wa denga wotsikira pa ngodya ndi wachiwiri, tiutche e. Wachitatu ndi njira yomwe dontho la mvula limadutsa likagwa pansonga n'kutsetsereka pakati pa nkhope imodzi mpaka kukagwa pakati pa khoma. Umenewu ndi l, womwe m'kalasi amati silanti haiti. Voliyumu imafuna h chifukwa ikuyeza malo a m'kati. Eliya ya nkhope zopendekeka imafuna l chifukwa ikuyeza pamwamba pa dengalo, pomwe pangagone udzu kapena malata.

Tsono l funso silinakupatseni, muyenera kumupeza nokha. Jambulani thirayango ina pambali, musaisiye yobisika m'chithunzi cha piramidi. Mbali yoimirira ndi 12. Mbali yogona ndi mtunda wochokera pakatikati pa besi kukafika pakati pa mbali imodzi ya besi, womwe ndi theka la 10, ndiye kuti 5. Mizere iwiriyi ikukumana pa 90°, ndipo l ndi mbali yaitali yoyang'anizana ndi ngodya imeneyo. Apa ndi pomwe lamulo la Paithagorasi limagwira ntchito:

```
l² = 12² + 5² = 144 + 25 = 169
l = 13 cm
```

Nkhope iliyonse ndi thirayango ya besi 10 yotalika 13. Theka la 10 ndi 5, kuchulukitsa ndi 13 ndi 65 cm². Nkhopezo zilipo zinayi ndipo ndi zofanana, chifukwa besi ndi sikweya komanso nsonga ili pamwamba penipeni pa pakati pake. Zonse pamodzi ndi 260 cm². Onjezani besi, 10 × 10 = 100, mupeza 360 cm² ya aphunzitsi ija. Mukafuna fomula yake, a akuimira mbali ya besi:

```
A = a² + 2al
V = ⅓ × a² × h
```

Ineyo fomula ya eliyayi sindilimbikitsa kuiloweza. Amene wailoweza ndi amene amaiwala kuti l si h. Bola kuwerengera thirayango imodzi, kuchulukitsa ndi 4, kenako n'kudzifunsa ngati besi ikufunika. Nthawi zina sifunika. Khumbi la 4 m mbali iliyonse lomwe denga lake lakwera 1.5 m lili ndi l wa 2.5 m, chifukwa 1.5² + 2² ndi 6.25. Dengalo ndi 4 × ½ × 4 × 2.5 = 20 m², ndipo palibe amene amafolera pansi, choncho 16 m² ya besi sitiiwerengera. Funso la mayeso likanena kuti piramidi ndi yotsekula kunsi, kapena likafunsa nkhope zopendekeka zokha, n'chimodzimodzi.

Voliyumu mwakhoza, 100 × 12 ÷ 3 = 400 cm³, koma ndikufuna mudziwe komwe 3 ameneyu amachokera, kuti tsiku la MSCE mantha asakuuzeni kuti mugawe ndi 2. Tengani kiyubu ya mbali a. Kuchokera pakatikati pake m'katimo, kokani mizere kupita ku ngodya zonse 8. Kiyubuyo yagawika mapiramidi 6 ofanana, iliyonse yatenga nkhope imodzi ya kiyubu kukhala besi yake. Ndiye voliyumu ya piramidi imodzi ndi a³ kugawa ndi 6. Kutalika kwake ndi theka la a, popeza nsonga ili pakati. Mukachulukitsa besi ndi kutalika mupeza a³ kugawa ndi 2, ndipo kuti muchoke pamenepo kukafika pa a³ kugawa ndi 6 muyenera kugawanso ndi 3. Wokayika akhoza kupanga piramidi ya katoni ndi kabokosi ka besi ndi kutalika kofanana, n'kumathira mchenga wouma: piramidi itatu yodzadza bwino ndiyo imadzadzitsa kabokosiko.

Pali funso lina la mtundu womwewu lomwe limagwetsa anthu kuposa lanuli, pomwe amakupatsani e, mzere wotsikira pa ngodya uja. Tinene kuti besi ndi 12 cm mbali iliyonse ndipo e ndi 10 cm. Apa 10 si h, komanso si l. Yambani ndi nkhope imodzi. Ndi thirayango ya mbali 10, 10 ndi 12. Muiduleni pakati kuchokera pansonga, mupeza thirayango ya ngodya ya 90° yokhala ndi 6 pansi ndi 10 kumbali yaitali. Nthawi ino tikuchotsera, osati kuphatikiza, chifukwa mbali yaitali ndi yomwe tili nayo kale: l² = 100 − 36 = 64, l ndi 8 cm. Nkhope zinayi ndi 4 × ½ × 12 × 8 = 192, besi ndi 144, eliya yonse 336 cm².

Kuti mupeze voliyumu, lowani m'kati mwa piramidi ndi thirayango ija tinayamba nayo. Mbali yaitali tsopano ndi 8, yogona ndi 6, choncho h² = 64 − 36 = 28. Ena amadzera pa dayagonolo ya besi, n'kugwiritsa ntchito theka lake pamodzi ndi e. Yankho limatuluka lomwelo, koma njira imeneyo ili ndi msampha wake: theka la dayagonolo limayenda ndi e, theka la mbali limayenda ndi l. Mukawasinthanitsa zonse zapita m'madzi.

Musanapitirire, yang'anani manambala atatuwo. Nthawi zonse h amakhala wamfupi, l wapakati, e wamtali. Pano h ndi pafupifupi 5.29, l ndi 8, e ndi 10, ndiye zili m'malo mwake. Mukapeza l wochepa kuposa h, dziwani kuti mwachotsera pofunika kuphatikiza. Chinanso, nkhope zinayi pamodzi ziyenera kuposa besi, monga 192 akuposera 144, chifukwa denga lopendekeka limadya malata ambiri kuposa malo omwe laphimba.

Sikweya ruti ya 28 musaifupikitse msanga kukhala 5. Mukatero voliyumu ituluka 240, ndipo malikisi apita. Isiyeni mu kalikuleta momwe ilili, muchulukitse ndi 144, mugawe ndi 3, mupeza pafupifupi 254 cm³. Pomaliza onetsetsani kanambala kakang'ono kapamwamba: eliya ndi cm², voliyumu ndi cm³. Pa 400 ndi 340 zanu zija simunalembe chilichonse mwa ziwirizi, ndipo ochonga mayeso amaziyang'ana.