Timayeso toyambira teremu tisakhale topikisanitsa ana

"Aphunzitsi anzanga, ndikufuna kupereka timayeso tachidule sabata yoyamba kuti ndidziwe zimene ophunzira akudziwa kale pa masamu. Nditikonze bwanji?"

Choyamba, aphunzitsi, musalole kuti mapepalawo agwere m'manja mwa munthu wokonda kusanja ana kuyambira woyamba mpaka wotsiriza. Ine ndidakonza mafunso 10 a mphindi 15, ndipo ndidawatsimikizira ana kuti palibe malikisi, aliyense alembe zimene akudziwa basi. Mkulu wa dipatimenti yathu adatenga mapepalawo ati akungofuna kuwaona, koma m'mawa mwake ndidapeza mayina onse atamatidwa pa bolodi la zidziwitso, malikisi ali pambali, ndipo mayina a amene adapeza ochepa atawalemba mzere wofiira kunsi. Mtsikana wina amene moona mtima adasankha "Sindikudziwa" pa mafunso ambiri adaima pamenepo anzake akumuseka, ndipo teremu yonse sadakwezenso mkono m'kalasi. Mkuluyo sadapepese n'komwe, adangoti ana amalimbikira akachita manyazi. Kuchokera tsiku limenelo ana adayamba kuonerana pa kalikonse, moti zotsatira zawo sizinkandiuzanso kanthu.

Chimene chimandiwawabe n'chakuti phindu la timayesoto lidali mu mayankho olakwa, amene iye sadawayang'ane. Taonani funso ili: 1/2 + 1/3. Ndidaika mayankho 5/6, 2/5, 2/6, 1/6 ndi "Sindikudziwa". Yankho lolondola ndi 5/6, koma lolakwa lililonse lili ndi chifukwa chake. Wosankha 2/5 waphatikiza manambala apamwamba paokha ndi apansi paokha, kusonyeza kuti fulakishoni amaiona ngati manambala awiri osiyana, ndipo ameneyu afunika kubwerera ku zojambula zogawa chinthu m'magawo ofanana. Wosankha 2/6 akudziwa kuti pansi payenera kukhala 6 koma sadasinthe manambala apamwamba, choncho phunziro limodzi likhoza kumukwanira. Wosankha 1/6 wangochulukitsa. Onsewa pa bolodi paja adaoneka olephera mofanana.

Choncho musawerenge malikisi a mwana aliyense, koma muwerenge kuti yankho lililonse alisankha ana angati. Luso limodzi mulifunse kawiri, chifukwa pa mayankho anayi mwana wongolota amakhoza funso limodzi mwa anayi, ndipo mukhoza kuganiza kuti akudziwa pamene wangochita mwayi. Mufunse zimene mutu woyamba udzadalire, osati zimene mukudzaphunzitsa teremu ino.

Za mayina, ndikadakonda kunena kuti ana asalembe, koma popanda mayina simungadziwe woti mumuthandize payekha, ndiye alembe ndithu. Akuluakulu anu muwaonetsenso zotsatira, chifukwa ndi iwo amene angakuloleni kuchedwetsa silabasi kuti mubwereze mafulakishoni, koma muwapatse chiwerengero cha funso lililonse chokha, mapepala enieniwo mutsekere m'kabati yanu.