Makilo atatu okha otsalawa, muwachotse pa liwiro lanji?

"Achemwali ndithandizeni. Ndili ndi zaka 29, kutalika 165 cm, sikelo ikuti 62 kg. Sindine wonenepa ayi, kungoti kamimba ndi m'mbalimu, ndikufuna nditsitse makilo atatu basi. Mnzanga wa ku jimu ankatsika kilo imodzi wiki iliyonse, akuti nanenso ndizidya makalori 1,000 patsiku. Ndiyambe?"

Musayambe achemwali. Ndikukayika ngati mnzanuyo anayambira pa 62 kg, anthu otsika kilo pa wiki bwinobwino nthawi zambiri amakhala a ma 90 kapena 100 uko. Munthu wa 100 kg akatsika kilo imodzi ndiye kuti wataya 1 peresenti ya thupi lake, inu kilo yomweyo ndi 1.6 peresenti, ndiye muli pa mpikisano wosiyana ngakhale sikelo ikuwerenga nambala yofanana. Liwiro muziliwerengera pa thupi lanu. Mlingo womwe anthu a zamasewera amagwiritsa ntchito ndi 0.5 mpaka 1 peresenti ya kulemera kwanu pa wiki, ndipo amene mafuta ake ndi ochepa kale ngati inu akhale kumunsi kwenikweni, pa 0.5 paja.

Chifukwa chake nchakuti mukadya zochepera zomwe thupi likufuna, chotsalacho limakatapa m'mafuta omwe linasunga, koma mafutawo ali ndi polekezera pa mphamvu yomwe angatulutse patsiku. Zili ngati chitsime cha mwezi wa Okutobala, chodzadza mutha kutunga ndowa zambiri, chakuphwa mukachikakamiza mumayamba kukoka matope. Matope ake apa ndi minofu yanu. Ndiye mumapezeka mwafikadi 59 kg koma thupi lili lendelende, mikono yaonda, matako aphwa, kamimba kaja kakadali pompo, zomwe sizimene mumafuna.

Ku Norway mu 2011 Ina Garthe ndi anzake anayesa zimenezi pa anthu a masewera, omwe mafuta awo amakhala ochepa kale. Gulu lina analikonzera kutsika 0.7 peresenti pa wiki, lina 1.4 peresenti, onse akunyamula zitsulo. Oyenda pang'onopang'ono aja mafuta anatsika ndipo minofu inawonjezekako, othamanga aja minofu siinawonjezeke. Anatenga nthawi yaitaliko inde, koma thupi labwino anatuluka nalo ndi iwowo.

Tsopano tiwerengere zanu. 0.5 peresenti ya 62 kg ndi magalamu pafupifupi 300 pa wiki. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700, ndiye magalamu 300 ndi makalori 2,300 pa wiki, kugawa masiku 7 tikupeza 330 patsiku. Tingoti 300 mpaka 350. Mayi wa msinkhu wanu amene amayendayenda komanso kupita ku jimu kangapo pa wiki amawotcha cha m'ma 2,000 patsiku, nkungoyerekeza kumeneku, mwina ndi 1,900 mwina 2,100, ndiye inu muzidya cha m'ma 1,700. Makilo atatu aja atenga mawiki 10, ikani 12 poti kuli maukwati ndi zinkhoswe. Tayerekezani ndi za mnzanu zija, kilo pa wiki ikufuna muchotse 1,100 tsiku lililonse, mutsale ndi 900, kuchepera theka la zomwe thupi lanu limafuna. Pofika wiki yachiwiri muzidzangolota mandasi.

Ubwino wa 330 ndi woti simufunika kusintha moyo wonse, nsima musaisiye ayi. Sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ndi makalori pafupifupi 120, ndipo ambirife sitiyeza, timangopendeketsa botolo mpaka anyezi asambire. Botolo la Koko la 300 ml ndi pafupifupi 125. Kasipuni ka shuga ndi 16, ndiye tiyi wa masipuni atatu kawiri patsiku wakwana kale pafupifupi 100. Mukachotsa zitatu zimenezi mwafika 345 mbale ya nkhomaliro musanaikhudze nkomwe. Ngati zozizilitsa kukhosi simumwa kale, yang'anani mtedza wokazinga uja timangotafuna osaganiza, kadzanja kamodzi ka magalamu 30 ndi makalori 170, kapena dulani chipande chimodzi cha nsima usiku muwonjezere masamba. Chomwe simuyenera kudula ndi ndiwo zomanga thupi. Pa 62 kg mukufunika mapuloteni cha m'ma 100 g patsiku, dzira limodzi lili ndi 6 g okha ndiye muone kuti si zamasewera, pa chakudya chilichonse pazikhala usipa, nkhuku, nyama ya soya, nyemba kapena chambiko. Zitsulo nazo pitirizani kunyamula zolemera ngati kale, ndi zimene zimauza thupi kuti minofuyi ikugwira ntchito isatayidwe.

Pomwe ambiri amagwera ndi pa sikelo. Magalamu 300 ndi ochepa kwambiri moti madzi okha a m'thupi amawabisa. Mukadya zamchere wambiri usiku, kapena mwatsala pang'ono kupita kumwezi, kapena simunapite kuchimbudzi, m'mawa mwake sikelo itha kukwera ndi kilo yathunthu mafuta osasintha olo pang'ono. Ndiye munthu amayeza Lolemba 61.8, Lolemba linalo 62.3, kukhumudwa, nkudula chakudya china chomwe sichimafunika kudulidwa. Muziyeza m'mawa mukangochoka kokodza musanadye kanthu, masiku angapo pa wiki, kulemba mu foni, kenako mutenge avereji ya wikiyo. Mwachitsanzo maavereji akayenda chonchi, 62.0, 61.5, 61.7, 61.1, wiki yachitatuyo ikuoneka ngati zalephereka koma pa mawiki atatu mwatsika 0.9, ndendende zomwe timafuna. Kwa ife azimayi chabwino koposa nkufananiza wiki yomweyomweyo ya mwezi uno ndi ya mwezi watha. Tepi ya telala nayo ikhale pafupi, muziyeza pa mchombo kamodzi pa wiki osakoka mimba, nthawi zina tepi imasuntha sikelo ili chiimire.

Musasinthe kalikonse mpaka patadutsa mawiki anayi. Avereji ndi tepi zonse zikakhala zisanasunthe, chotsani makalori ena 100 mpaka 150 kapena onjezani kuyenda kwa mphindi 30, osati zonse pakamodzi. Mukaona kuti mukutsika kupitirira magalamu 600 wiki ndi wiki, kupatula wiki yoyamba yomwe madzi amachoka ambiri, bwezerani chakudya pang'ono. Chimodzimodzi ngati zitsulo zomwe mumanyamula bwinobwino zayamba kukukanikani mawiki awiri otsatizana, tulo tikuvuta, mukumva kuzizira anzanu ali bwino, mukungopsa mtima ndi aliyense. Koma kusamba kukasokonekera kapena kusiya, pamenepo imani kaye mubwerere kudya mokwanira, mukaonanenso ndi adokotala, chifukwa zimenezo zimafooketsa mafupa. Ngati muli oyembekezera, mukuyamwitsa kapena mumamwa mankhwala a shuga, masamu onsewa si anu mpaka mutafunsa kuchipatala.

Za kamimbako ndisakunamizeni, simungasankhe pomwe mafuta achoke, thupi limasankha lokha ndipo kwa ambiri pamimba ndi m'chiuno ndi pomalizira. Pa 59 kg BMI yanu, nambala yofananiza kulemera ndi kutalika kwa munthu, idzakhala 21.7, pabwinobwino, malire a kumunsi a 18.5 pa msinkhu wanu ali cha pa 50 kg. Mukafika 59 kamimba kakadalipo pang'ono musathamangire 55, bwererani pa 2,000 paja kwa mwezi umodzi kapena iwiri mukunyamula zitsulo, mudzadzione kaye pagalasi musanaganize zodulanso.