Sikelo yonama tsiku lililonse: kusasinthasintha ndi kuyeza zoona

"Aphunzitsi akuti mayeso a zamaganizo atha kukhala ndi rilayabilite koma opanda validite. Zitheka bwanji? Ine ndimaona ngati n'chimodzimodzi."

Ayi achimwene, n'zosiyana. Taganizirani sikelo yoyezera thupi ija ya kubafa. Inu mumalemera makilo 70, koma mukakwerapo katatu motsatizana ikuloza 75, 75, 75. Siyikusinthasintha, ndiye rilayabilite imeneyo. Koma ikunama ndithu ndi makilo 5, ndiye kuti ilibe validite, poti validite ndi kuyeza zoona. Ikamati 68, kenako 74, kenako 71, pamenepo palibenso choikhulupirira, n'chifukwa chake mayeso osinthasintha sangakhale ndi validite.

Rilayabilite savuta kuiona. Mumapatsa anthu omwewo mayeso omwewo kawiri, patadutsa mwina milungu iwiri, n'kuona ngati amene anapeza zambiri poyamba apezanso zambiri.

Validite ndiye mutu waukulu, chifukwa nkhawa kapena nzeru zilibe mwala wa kilo imodzi woti muyesere sikelo. Mafunso oyeza matenda okhumudwa akachulutsa za kusowa tulo ndi kutopa, mayi woyamwitsa khanda apeza mapointi okwera sabata ino ndi yamawa yomwe, chonsecho sakudwala. Mafunsowo akuyeza tulo. Kuti azindikire zimenezi, ofufuza amayerekeza zotsatira zake ndi zomwe dokotala wa zamaganizo wapeza atacheza ndi anthu omwewo payekha, asanaone mapointi awo.