Kodi ndidye mapointi ambiri, kapena ndisunge malembo abwino?

"Akuluakulu, ndayamba kumene kusewera Sikirabo kuno ku Nkhotakota. Ndimaika mawu odya mapointi ambiri nthawi zonse, koma kenako ndimatsala ndi malembo osapanga mawu, mpaka kugonja. Kodi pali nthawi yoyenera kusiya mapointi dala?"

Achimwene, nthawi yotere ilipo, ndipo imafika pafupipafupi kuposa mmene ongoyamba kumene amaganizira. Ine ndimasewera Loweruka masana ndi anzanga pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndipo chimene chinasintha kasewero kanga ndi kuzindikira kuti mawu alionse amene mwaika pabolodi ali ndi mitengo iwiri: mapointi amene alembedwa papepala, ndi mphamvu ya malembo amene atsala m'manja mwanu. Muyenera kuphatikiza ziwirizi musanasankhe. Chifukwa chake chagona pa bonasi ya mapointi 50 imene mumalandira mukaika malembo onse 7 nthawi imodzi, imene osewera amaitcha bingo. Bingo sibwera mwamwayi wokha ayi, imakonzedwa ndi zimene munasunga ulendo wapita, monga mmene wosewera bawo amayamba wawerenga kumene nkhomo zikathere asanatape.

Tiyeni titenge chitsanzo cha poyambira masewero, pamene bolodi lilibe kanthu, kuti aliyense athe kuwerengetsa yekha. Mwatola A, E, R, S, T, V ndi W. Diso limathamangira ku mawu aatali, WAVERS. Mukaika W pa kabokosi kochulukitsa lembo kawiri, W amene ndi wa mapointi 4 akhala 8, V apereka 4, ndipo A, E, R ndi S apereka imodzi aliyense, zonse pamodzi 16. Popeza mawu oyamba amadutsa pa nyenyezi ya pakati, 16 uja achulukitsidwa kawiri n'kukhala 32. Tsopano chotsani S, muike WAVER pa malo omwewo. Mupeza 15 kuchulukitsa kawiri, amene ndi 30. Ndiye kuti S uja mukanamugulitsa pa mapointi awiri okha.

Kumeneko ndi kudya mbewu chimanga chili m'nkhokwe. Mwa malembo 100 a m'thumba, S alimo anayi okha, ndipo ntchito yake ndi iwiri: amathandiza kupanga bingo chifukwa mawu ambiri a Chingerezi amathera ndi S, komanso amakupatsani poikolowekera, pakuti mukamuika kumapeto kwa mawu amene ali kale pabolodi mumadya mapointi a mawu awiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake osewera ozama amamuwerengera mapointi pakati pa 8 ndi 10, ngakhale kuti pa lembolo palembedwa 1. Choncho musamutulutse pokhapokha ngati akuwonjezerani mapointi ofika pamenepo. Lembo lopanda kanthu, limene ambiri timati bulanki, n'lodula kuposa apa. Alipo awiri okha, ndipo amawerengeredwa mapointi 25 kapena kuposerapo, moti nthawi zambiri n'loyenera kulisungira bingo.

M'malembo omwe aja muli njira yachitatu yoyenera kuilingalira modekha. Dikishonale ya Collins, imene imagwiritsidwa ntchito m'mipikisano ya m'maiko ambiri kunja kwa Amereka, imavomereza mawu akuti VAW. Amenewa akupatsani 18 okha, koma ataya malembo awiri ovuta, V ndi W, n'kukusiyirani E, R, S ndi T, amene amagwirizana kwambiri, kotero kuti mwayi wa bingo ulendo wotsatira ndi waukulu. Mwataya mapointi 12 poyerekeza ndi WAVER. M'kuona kwanga njira ziwirizi zatsala pang'ono kufanana, ndipo chimene chimazilekanitsa ndi wosewerayo. Amene waloweza mawu ambiri a malembo 7 ndi 8 akhoza kusankha VAW, koma inu amene mwangoyamba tengani WAVER, chifukwa malembo abwino sapindula kanthu ngati bingo ili m'manja koma maso sakuiona. WAVERS yekha ndiye wolakwika kwa aliyense, chonsecho ndi amene ali ndi mapointi ambiri.

Poyang'ana zotsala, dzifunseni ngati malembo a liwu ndi opanda liwu akulingana. M'thumba muli malembo a liwu 42 ndi opanda liwu 56, ndipo m'manja mumayenda bwino mukakhala a liwu atatu ndi opanda liwu anayi. Mukatsala ndi malembo atatu, ndi bwino awiri akhale opanda liwu. Pewaninso kusunga malembo ofanana, makamaka I awiri kapena U awiri. Ife olankhula Chichewa timagwa msanga pamenepa, chifukwa chilankhulo chathu chimatha mawu onse ndi lembo la liwu, ndiye tikaona A, I ndi U m'manja timayesa zili bwino, pamene Chingerezi chimafuna malembo opanda liwu ochuluka.

Komabe ndisakusocheretseni kuti muzisiya mapointi nthawi zonse, pakuti ndaonapo anzathu ena akutaya ulendo ndi ulendo, kudya 10 kapena 12, akudikira bingo imene ikafika alibe poiika. Tiyerekeze kuti poyambira mwatola A, C, H, I, I, K ndi W. WHACK, K atakhala pa kabokosi kochulukitsa lembo, apereka 22 kuchulukitsa kawiri, amene ndi 44, koma akusiyani ndi I awiri. Zotsalazi n'zoipadi: mwa malembo 93 amene simunawaone muli I ena 7, ndipo potola malembo asanu, pafupifupi kamodzi pa katatu mudzatola I wina. KIWI angathetse vutoli n'kukusiyirani A, C ndi H, koma apereka 22 okha. Kusiyana kwa mapointi 22 n'kwakukulu kuposa chilango cha I awiri, amene ine ndimawawerengera ngati kutaya mapointi osafika 10, ngakhale mutawonjezerapo ubwino wochepa wa A, C ndi H. Apa idyani 44, vuto la I mukalithetse ulendo wotsatira.

Muyang'anenso bolodi ndi thumba, chifukwa mitengo yonseyi imasintha. Ngati bolodi latsekeka moti palibe mzere wolowa malembo 7, kusunga E, R, S ndi T kulibe phindu lalikulu, ndipo malembo odya kwambiri m'timawu tatifupi, monga X, Z ndi H, ndiwo amakwera mtengo. Ngati mukutsalira ndi mapointi 60 kapena kuposerapo, zotsala zabwino ndi bolodi lotseguka ndizo chiyembekezo chanu, koma ngati mukutsogola, idyani mapointi uku mukutseka mizere. Malembo akaipiratu, monga U awiri, I awiri, V ndi W, lamulo limakulolani kusintha malembo m'malo mosewera, malinga m'thumba mukhale mutatsala osachepera 7, ndipo nthawi zambiri kutero n'kwabwino kuposa kudya mapointi 8 n'kutsalabe ndi malembo oipa anayi. Thumba likatha palibenso chotola, ndiye kusungira bingo kulibe ntchito. Pamenepo werengani malembo amene mnzanu watsala nawo, mufune njira yomalizira anu msanga, ndipo mutulutse Q ngati mawu akuti QI ali ndi malo, chifukwa mnzanu akamaliza inu mukadali naye, mapointi 10 achotsedwa kwa inu n'kuwonjezeredwa kwa iye.