Musanalembe imelo ija, tsegulani kaye kabuku ka bizinesi

Funso: Ndimagulitsa mipando, ndiye kasitomala wanga wa ku kampani wanena kuti ndisiye kumulembera pa WhatsApp, chilichonse chizibwera pa imelo. Uthenga omwe ndinakonza ndi uwu: "Bwn ktndu wafika kma si onse, otsala tipeleka wk ya mawa, tumizani ndlm msanga plz. Zkm." Ndingomalizitsa mawuwo nkutumiza, kapena pali zina zofunika?

Achimwene, mawu oduladulawo musade nawo nkhawa, mphindi ziwiri zokha "bwn" asanduka bwana, "ndlm" zisanduka ndalama, basi zatha. Chomwe chandidetsa nkhawa ine nchakuti mu uthenga onsewo mulibe nambala olo imodzi. Katundu wafika ndi angati? Otsala ndi angati? Ndalama zingati, za invoisi iti? Mutamalizitsa mawu onse bwinobwino koma mafunso amenewa osayankhidwa, mwangouveka suti uthenga omwewo, ndalama sizibwera ayi.

Dziwani chifukwa chomwe akufunira imelo. Munthu amene mumacheza naye pa foniyo nthawi zambiri si amene amalipira, iye amangoitumiza imelo yanu kwa a akaunti, anthu oti sanakuonenipo ndipo zomwe munagwirizana sakuzidziwa. Iwowo akawerenga "otsala" sadziwa ngati mukunena mipando kapena ndalama. Akawerenga "sabata ya mawa" patapita masiku angapo, amayamba kuwerengera kuchokera tsiku lomwe awerengalo, inu mukuwerengera kuchokera tsiku lomwe munalemba, mkangano wayambika kale pamenepo. Ndiye imelo ikakhala ndi mipata amangoiika pambali mpaka wina adzafunse.

Apa mpomwe ndimalimbana ndi anthu abizinesi tsiku ndi tsiku, kusalemba! Ambiri amalemba "si onse" osati chifukwa chofulumira koma chifukwa eni akewo sakudziwa kuti apereka angati, zonse zili m'mutu ndi m'mavoisi noti omwe adzapite ndi foni ikadzabedwa. Imelo yabwino imachokera m'kabuku, ndiye mutsegule kaye, ndipo ngati mulibe werengani katunduyo lero lomwe, mupeze pepala lomwe anasaina polandira, muyambe kulemba.

Poti simunandipatse manambala, tiyerekeze kuti anaoda mipando 60, analipiratu theka, inu mwapereka 40. Theka lija ndi ndalama za mipando 30, ndiye zomwe mungapemphe panopa ndi za mipando 10 yokha, za 20 inayo muzipempha mukaipereka, pokhapokha ngati munagwirizana zina. Mwaona? Uthenga wanu uja umamveka ngati mukufuna ndalama zonse katundu asanakwane, ndipo kasitomala akamva choncho amayamba kukukayikirani.

Pa Subject musasiye popanda kanthu, musalembenso "Moni". Lembani: Invoisi 112, mipando 40 yaperekedwa, 20 yatsala. Pakapita miyezi itatu mudzaipeza posaka nambala yokhayo. M'kati mwake mukhale chonchi:

"Bwana, ndikukhulupirira kuti muli bwino. Pa oda yanu ya mipando 60, tapereka mipando 40 pa 6 Meyi ndipo inasainidwa polandira. Mipando 20 yotsala tidzapereka pa 14 Meyi. Pepani chifukwa cha kuchedwaku. Munalipiratu ndalama za mipando 30, choncho tikupempha kuti mulipire za mipando 10 pofika pa 12 Meyi. Invoisi 112 ndaiphatikiza pa imelo ino. Chonde ndiyankheni kutsimikiza kuti mwalandira. Zikomo."

Pomwe pali "za mipando 10" muwonjezerepo ndalama zenizenizo m'manambala, zifanane ndendende ndi zomwe zili pa invoisi, zikasiyana olo pang'ono a akaunti amabweza. Pansi pake dzina lanu lonse, dzina la bizinesi ndi nambala ya foni. Mwezi muziulemba m'mawu chifukwa 6/5 ena amawerenga 6 Meyi, ena 5 Juni. Invoisi ipite ngati PDF osati chithunzi chojambula mopendekeka, ndipo musanadine Send onetsetsani kuti yalowadi, ambiri amalemba kuti ndaiphatikiza koma mulibe kanthu.

Tsiku lija la 14 Meyi mulisamale. Pa WhatsApp munazolowera kulonjeza "wk ya mawa" nkudzakankhira kutsogolo ndi kaseko, koma pa imelo lonjezo limakhala umboni omwe kasitomala adzakutulutsirani mukadzalephera. Ngati okupangirani mipando akuti ikhala yokonzeka pa 11, inu lembani 14, masiku atatuwo ndi oti akutetezeni galimoto ikawonongeka kapena mmisili akachedwa. Mukaona kuti simukwanitsa, lembani imelo ina tsikulo lisanakwane poyankha pa imelo yomweyo, kuti nkhani yonse ya oda imeneyi ikhale malo amodzi.