Zosintha mawotchi kuno ku Glasgow

Amalume: "Iwe Nabanda, sabata yatha timasiyana maola awiri, lero ukuti ola limodzi. Akuti kumeneko mumasuntha nthawi. Ndiye ana asukulu ndi alimi amatani? Bwanji osangozisiya?"

Zikomo amalume, ndalimva funso lanu, ndiyankhe ndi mawu chifukwa polemba nditalikitsa. Eya, n'zoona. Lamulungu lomaliza la Marichi, nthawi ikangokwana 1 koloko usiku, mawotchi onse timawakankhira pa 2 koloko. Ola limenelo lapita basi, timadzalibweza Lamulungu lomaliza la Okutobala. N'chifukwa chake pano tikusiyana ola limodzi, pomwe miyezi yozizira yakuno, kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Marichi, timasiyana awiri. Kumudziko simungazifune zimenezi, chifukwa usana wa Juni ndi wa Disembala sasiyana kwenikweni. Kuno mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, mu Disembala 4 koloko isanakwane kwada kale.

Anaziyamba mu 1916, nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pofuna kusunga malasha opangira magetsi. Anayamba ndi a ku Jeremani, kuno n'kutsatira. Ambiri amati anachitira alimi, koma ayi, alimi ndiwo ankakana. Ku America alimi anachita phokoso mpaka lamulolo linachotsedwa mu 1919.

Chomwe chimandipweteka ine ndi tulo ta ana, makamaka sabata ino ya Marichi. Thupi silidziwa wotchi, limatsata kuwala. Kukada ndi pamene limatulutsa timadzi tobweretsa tulo, kukacha timadzito n'kusiya. Ndiye taganizani za mdzukulu wanu wamkuluyu. Amadzuka 7 koloko kuti akapeze basi. Lolemba wotchi imati 7 koloko, koma m'thupi mwake inali 6 koloko. Usiku wake ndinamuuza kuti akagone 10 koloko, thupi likuti 9 koloko, tulo osabwera, amangotembenuka. Mapeto ake ola lija linadulidwa ku tulo take. Ndipo ana a msinkhu wa sekondale mwachibadwa tulo timawapeza mochedwa, ndiye iwo zimawakhalitsa, ena sabata yathunthu. Mumaonera pa chakudya cham'mawa: phala langokhala m'mbale, mwana ali duu, maso ofiira, ukamulankhula akukwiya. Sabata yatha 6 koloko kumakhala kutayera, pano tabwereranso kudzuka ndi nyali.

Ine ndimayamba Lachitatu kuwagoneka msanga ndi mphindi 15 tsiku lililonse, m'mawa n'kutsegula makatani onse. Zimathandizako, koma si makolo onse angathe, ena ali pa ntchito ya usiku.

Za alimi ndiye mumvetsa msanga, poti inu mumaweta. Bambo a kunyumba kuno anagwirako ntchito pa famu ya ng'ombe za mkaka ku Ayrshire, dera la kuno ku Scotland. Ng'ombe yozolowera kukamidwa 5 koloko m'mawa imadziwa nthawi yake ndi bere. Mu Marichi mukaidzutsa ola lisanakwane, bere silinadzaze, mkaka umachepa. Mu Okutobala mukachedwa ola, mumazipeza zaunjikana pa geti zikulira, mkaka ukuchucha. Mlimi akanatha kungotsata dzuwa, koma lole yotenga mkaka ndi antchito amatsata wotchi. Ndiye ambiri amasuntha pang'onopang'ono, mphindi 10 kapena 15 patsiku. Olima tirigu nawo sangakolole mame asanaume, ndipo mame sauma msanga chifukwa boma lasuntha wotchi.

Tsono bwanji osazisiya? Ofuna kuzisiya ndi ambiri, amalume. Mu 2018 bungwe la mayiko a ku Ulaya linafunsa anthu, anayankha oposa 4 miliyoni, ndipo 84 mwa 100 aliwonse anati zithe. Nyumba yawo ya malamulo inavomereza mu 2019, koma maboma sanagwirizane, nkhani n'kuima pomwepo. Phindu la magetsi lija nalonso linachepa kwambiri, poti mababu a masiku ano sadya magetsi ambiri.

Povuta ndi apa: mukasiya, mukhala pa nthawi iti? Kuno anayesapo kukhala pa nthawi ya miyezi yotentha chaka chonse, kuyambira 1968 mpaka 1971. Madzulo kumawala bwino, ndipo ngozi za pamsewu za madzulo zinachepa, zimenezo sitingabise. Koma kuno ku Scotland mu Disembala dzuwa limatuluka 10 koloko itatsala pang'ono. Ana amapita kusukulu mumdima wa bii, atavala timalamba tonyezimira pa mkono kuti magalimoto awaone. Aphungu anazithetsa.

Ine ndili mbali ya akatswiri a za tulo a kuno, omwe mu 2024 ananena kuti tikhale pa nthawi ya miyezi yozizirayo chaka chonse, chifukwa kuwala kwa m'mawa ndi kumene kumakonza tulo. Madzulo a Juni adzafupika ndi ola, koma dzuwa lolowa 9 koloko usiku likutikwanira.

Lamulungu likubwerali ndiimba 6 koloko yakuno, kwanuko ikhala 7 koloko. Muwauze azakhali foni ikhale ndi moto.