Kuthokoza aphunzitsi amene anakuyang'anirani pa pulakitisi

Funso: "Anzanga pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndine wa kukoleji ya aphunzitsi ku Bembeke, sabata yamawa ndikumaliza pulakitisi pasukulu ina kufupi ndi Lizulu. Abambo amene amandiyang'anira andithandiza kwambiri. Anandiphunzitsa kugwira Sitandade 2 popanda kukuwa, ndipo mayi anga atagonekedwa m'chipatala anandigwirira kalasi sabata yonse. Ndikufuna kuwalembera mawu othokoza, koma ndi bambo wapabanja, msinkhu wa bambo anga. Ndilembe bwanji kuti zisaoneke ngati ndikuwanyengerera kapena pali zina? Chizungu kapena Chichewa? Pafoni kapena papepala?"

Achemwali, lembani papepala, ndi dzanja lanu, m'Chichewa, ndipo ikhale kalata yoti itaiwalika patebulo muofesi ya ahedi, kapena mayi akunyumba kwawo ataipeza m'thumba la jekete pochapa, pasapezeke wotukula nsidze. Ine ndakhala ndikuyang'anira ophunzira a pulakitisi kuno ku Ntcheu kwa zaka zambiri, makalata otere ndalandirako ndipo ndaonanso amene anzanga aamuna alandira. Amene amabweretsa manong'onong'o ndi omwewo amene satchula ntchito. Munthu akalemba kuti "munali chilichonse kwa ine, sindidzakuiwalani mpaka kalekale" koma osanena chimene bamboyo anachita, wowerenga amadzifunsa yekha kuti kodi anachita chiyani, ndipo yankho amalipeka yekha. Mukatchula ntchito yeniyeni, funsolo silibwera n'komwe.

Ndiye musanagwire bolopeni khalani pansi mukumbukire tsiku limodzi. Osati teremu yonse, tsiku limodzi. Sitandade 2 tonse tikuidziwa: ana pansi mpakana pakhomo, ena akulimbirana pensulo, inu mawu atasasa isanakwane 9 koloko. Kodi bambowo anachita chiyani kwenikweni? Mwina anakhala kumbuyo kwa kalasi osanena kanthu, ana atapita kobuleka n'kukuuzani kuti musamapikisane nawo mawu, muziomba m'manja katatu anawo n'kumayankha. Mwina anakuonetsani kudula makatoni n'kulembapo maphatikizo kuti gulu lililonse likhale ndi chogwira m'manja, poti mwana amene manja ake ali pantchito pakamwa pamachepa phokoso. Mwina anakubwezerani maskimu atalemba ndi pensulo m'mbali, osati ndi bolopeni yofiira pamaso pa anzanu. Chimene mwakumbukiracho ndiye mtima wa kalata yanu. Kenako muwonjezere chimene chinasintha pambuyo pake, chifukwa mphunzitsi amasangalala akamva kuti zimene ananena zinagwira ntchito kuposa kumva kuti iye ndi munthu wabwino.

Sindikuwadziwa dzina, ndiye tingoyerekeza kuti ndi a Phiri, ndipo zochitikazo musinthe muikemo zanu zenizeni. Pamwamba tsiku ndi dzina la sukulu basi.

"Kwa Bambo Phiri,

Pamene ndikubwerera kukoleji, ndati ndikuthokozeni chifukwa cha mmene mwandiyang'anirira pa nthawi yonse ya pulakitisi.

Sabata zoyamba mu Sitandade 2 ndinkaweruka mawu atatha, ana asanamve kanthu. Tsiku limene munakhala kumbuyo kwa kalasi yanga ya Chichewa, simunandidule pamaso pa ana. Munadikira buleki n'kundionetsa kaikidwe ka ana m'magulu, gulu lililonse ndi makadi ake a maphatikizo. Kuyambira pamenepo sindikuwanso, ndipo ana ena amene ankangokhala chete kumbuyo ayamba kuwerenga mawu aafupi paokha. Njira imeneyi ndipita nayo kulikonse kumene boma lidzanditumize.

Ndikuthokozanso kuti mayi anga atadwala munaphatikiza kalasi yanga ndi ntchito yanu, moti nditabwerako ndinapeza ana sanatsalire. Akwathu onse akuthokoza.

Mundiperekere moni kwa mayi kunyumba ndi ana. Mulungu apitirize kukudalitsani pa ntchito yanu.

Ine wophunzira wanu,"

kenako dzina lanu lonse, loyamba ndi la bambo anu, monga lilili m'mabuku a kukoleji.

Mwaona kutalika kwake? Tsamba limodzi osadzaza. Ikafika tsamba lachiwiri ndiye kuti mwayamba kufotokoza za mumtima mwanu m'malo mwa ntchito yawo, ndipo mpamene zimayambira kupotoka.

Pa nkhani ya matenda a mayi ndiimepo pang'ono, chifukwa m'kalata yonse apa ndi pamene pali poterera. Nthawi imene ija munali wosweka mtima, ndipo munthu amene anakuthandizani pa nthawi yotero mumamuona mwapadera, n'zachibadwa. Koma mukalemba kuti "munandipukuta misozi" kapena "munali phewa langa lotsamira", mwachotsa nkhaniyo m'kalasi n'kuiika pakati pa anthu awiri. Chimene anachita ndi chooneka ndi maso: anaphunzitsa makalasi awiri, anachonga makope owirikiza, anaitana maina m'rejisitala yanu. Nenani chimenecho. Ndipo ndaikapo dala mawu akuti akwathu onse akuthokoza, kuti kuthokozako kuchokere kubanja lanu lonse, monga timachitira kumudzi munthu akatithandiza pa matenda. Moni wa kwa mayi kunyumba ukugwiranso ntchito yomweyo. Ukusonyeza kuti mukudziwa kuti alipo, mukuwalemekeza, ndipo kalatayo atha kuiona.

Kaitanidwe kakhale kamene mumawaitanira pasukulupo pamaso pa anthu. Ngati aliyense amati Bambo Phiri, inunso Bambo Phiri. Kuno kwathu kwa Angoni kumutchula munthu ndi chiwongo chake, a Ngozo, a Maseko, a Jere, ndi ulemu waukulu, ndipo ngati ndi mmene anzawo amawatchulira palibe cholakwika kulemba choncho. Chimene musayerekeze ndi dzina lawo loyamba, ngakhale mumalimva ahedi akuwaitanira. "Wokondedwa" musiyeni, ngakhale mabuku a Chichewa amayamba naye kalata yamchezo. "Adadi" ayi. Ndikudziwa atsikana ambiri amatero pofuna kusonyeza kuti ndi kholo, koma masiku ano mawu amenewa ali ndi mbiri ina m'matauni, nonse mukudziwa. Ngati mukufunadi kunena za ukholo wawo, nenani kuti "mwatisunga ngati ana anu ife tonse a pulakitisi", muli ambiri m'chiganizomo. Ndipo kuyambira pamwamba mpaka pansi ndi "inu", "mwa", "mu".

Chifukwa chimene ndanenera Chichewa n'chakuti Chizungu cha makalata chimene tinaphunzira kusekondale ndi cha kufunsira ntchito ndi kupempha tchuthi. Chimabwera ndi makeyala awiri, mutu wodula mzere kunsi, ndi ziganizo zoloweza zimene aliyense amalemba, ndiye kalatayo imamveka ngati ikupita kwa a PEA. Pokhapokha ngati bambowo mumayankhula nawo Chizungu tsiku ndi tsiku, pamenepo lembani Chizungu chosavuta, dongosolo lake lomweli. Miyambi nayo musamale. Wina analembera mnzanga kuti "mawu a akulu akoma akagonera", osazindikira kuti akuvomera kuti poyamba sankawamvera. "Kupatsa n'kuika" nayenso sakhala bwino apa, akumveka ngati mukulonjeza kudzabweza.

Tsopano nthawi yoperekera, imene ambiri saiganizira. Bambowa ali ndi mafomu anu. Zimene alembe zikupita kukoleji ndipo zikhudza malikisi anu. Kalata yokoma ikafika mafomuwo asanasainidwe, ngakhale mtima wanu uli woyera, mwawaika pamalo ovuta: akakulemberani zabwino anzanu a pulakitisi adzati munagula, ndipo iwo eni atha kuyamba kudzikayikira n'kukuchepetserani dala. Dikirani zonse zisainidwe, zichoke m'manja mwawo. Tsiku lomaliza, potsanzika, muwapatse mu envelopu pamalo poti aphunzitsi ena alipo, ndi manja awiri, n'kunena pakamwa kuti ndi mawu ochepa othokoza. Osatuma mwana wa sukulu kukapereka. Mwana akanyamula envelopu kuchoka kwa madamu kupita kwa asaa, pofika madzulo mudzi wonse wamva, ndipo wamva zina. Osawatsatiranso kunyumba madzulo kapena kuilowetsa mwakabisira m'chikwama chawo.

Za pafoni ndikukanizani pa zifukwa ziwiri. Uthenga wa pa Watsapu umafika nthawi iliyonse, mwina usiku foni ili m'manja mwa mayi, uli ndi chithunzi chanu pamwamba, ndipo chala chimathamangira kuikapo timitima tija. Chinanso, foni ikatayika kapena ikadzaza, uthenga wapita. Pepala amaliika mufailo limodzi ndi masatifiketi. Ife amene tinalowa ntchito 1994, pulayimale itangokhala yaulere, tinaponyedwa m'makalasi odzaza titangophunzitsidwa masabata ochepa, wokhala kumbuyo n'kumationerera panalibe. N'chifukwa chake ambiri a msinkhu wathu ntchito yoyang'anira achinyamatayi timaitenga ndi mtima wonse ngakhale ilibe phindu looneka m'thumba, ndipo kapepala kotero sititaya.

Mphatso si yofunika. Ngati mtima ukukukakamizani, sonkhani ndi anzanu amene munali nawo pasukulupo mupereke pamodzi, kanthu kooneka poyera: kapu ya ku Dedza Pottery yomwera tiyi pabuleki, kapena ndowa ya kachewere ya pamsika wa Lizulu yopita kubanja lonse. Ndalama ayi, mayunitsi ayi. Malaya, perefyumu, lamba, chilichonse chovala pathupi la bambo wapabanja, chimenecho ndi gawo la akazi awo.

Chomaliza, m'kalatamo musaikemo pempho. Ndikudziwa kuti mtsogolo muno mudzafuna munthu wokuchitirani umboni pofunsira ntchito kusukulu za mishoni kapena zapulaiveti pamene mukudikira boma, ndipo bambowa ndi oyenera. Koma chiganizo chakuti "ndikhulupirira mudzandithandizanso" chikangolowa, zonse zapamwamba zija zimaoneka ngati inali njira yofikira pamenepo. Pempho lidzakhale lapadera, patapita miyezi, masana, mwa uthenga waufupi wonena ntchito imene mukufunsira ndi tsiku lotsekera. Musadandaulemonso za aphunzitsi ena amene sanakulandireni bwino, poti kalatayo itha kuzungulira ofesi yonse. Ahedi muwathokoze paokha, pakamwa n'kokwanira, kuti asamve ngati mwawadumpha. Ndipo bambowo akangolandira n'kunena kuti "zikomo amadamu, mukaphunzire bwino" osadzayankhanso, musatumize uthenga wofunsa ngati anawerenga. Abambo a msinkhu umenewo sayankha makalata otere, amakawerenga kunyumba atavala magalasi.